Sikweya ruti wa mu fomula ya eliya ya chinthu chozunguzidwa akuchokera kuti?

Nyenyezi: Moni nonse. Funso langa lili pa mzere wokhota umene timauzunguza pa mzere wa x n'kutuluka chinthu chonga mbale kapena belu. Pofuna voliyumu timachidula m'tizimbale topyapyala, kalikonse πy² dx, ndipo yankho limatuluka lolondola. Ndiye pofuna eliya ya pamwamba pake, khungu lakunja lija, ndimayesa tingotenga kuzungulira kwa kachimbale, 2πy, n'kuchulukitsa ndi dx. Koma fomula yake ili chonchi:

```
S = ∫ 2πy √(1 + (dy/dx)²) dx
```

Sikweya ruti ameneyu akufunanji pamenepa? Ngati masilinda opyapyala akukwanira pa voliyumu, akulepheranji pa eliya?

Tsekwe: Masilinda amagwira ntchito achemwali, bola akhale okwanira. Tayesani pa koni. Tengani y = 3x/4 kuchokera x = 0 kufika x = 8. Mukauzunguza mupeza koni wa rediyasi 6, msinkhu 8, ndipo mbali yopendekeka ndi 10. Eliya yake tonse tikuidziwa, πrl, ndiye 60π. Tsopano duleni m'masilinda anayi, aliyense wotalika 2, marediyasi 1.5, 3, 4.5 ndi 6. Kuphatikiza marediyasiwo ndi 15, ndipo 2π × 15 × 2 ndi 60π. Zafanana ndendende. Sikweya ruti uja ndikuona ngati ndi wongosalaza yankho basi.

Kadzidzi: A Tsekwe, chitsanzo mwasankha chabwino kwambiri, koma 60π wanuyo wangotuluka mwangozi. Musaime pa masilinda anayi. Duleni koni yemweyo m'masilinda 40, aliyense wotalika 0.2, mutenge rediyasi ya kumapeto kwa aliyense monga munachitira. Mupeza 49.2π. Mukadula m'masilinda 400 mupeza 48.12π. Mukamachulukitsa masilinda yankho likuthawa 60π, likulowera ku 48π. Ndipo 48π ndiye amene amatuluka mukawerengera intigiro ya 2πy dx kuchokera 0 kufika 8.

Pa masilinda anayi panachitika zolakwika ziwiri zimene zinafafanizana. Marediyasi anu anali aakulu mopitirira, chifukwa munkatenga a kumapeto kwa chidutswa chilichonse, ndipo zimenezi zinakweza yankho. Utali wa chidutswa munautenga wochepa, ndipo zimenezi zinalitsitsa. Cholakwika choyamba chimatha mukamadula mopyapyala. Chachiwiri sichitha ngakhale mutadula kambirimbiri.

Taonani chifukwa chake. Kachidutswa ka koni sikagona chathyathyathya ngati khoma la silinda. Kapendekeka. Mukayenda 4 motsata mzere wa x, mzere wathu wakwera 3, choncho mwayenda 5 pamwamba pa koni. Mukayenda 0.004 mwakwera 0.003, ndipo pamwamba pake mwayenda 0.005. Kaya kachidutswa kachepe bwanji, utali wake weniweni ndi 5/4 wa dx. Ndiye chulukitsani 48π ndi 5/4, mupeza 60π. Sikweya ruti uja ndi 5/4 ameneyu: √(1 + 9/16) = √(25/16) = 5/4.

Tsekwe: Ndabwereza ndi masilinda asanu ndi atatu, ndapeza 54π. Akutsikadi. Ndavomera.

Nyenyezi: Zikomo aphunzitsi, pa koni ndamva. Koma chikundivutabe ndi ichi: pa voliyumu nakonso kachidutswa kapendekeka chimodzimodzi. Bwanji kumeneko sitichulukitsa ndi 5/4?

Kadzidzi: Funso lenileni ndi limenelo. Silinda akalowa m'malo mwa kachidutswa kopendekeka, voliyumu imene talakwitsa ndi kamphero kakang'ono kozungulira m'mphepete. Mukakadula chopingasa kamaoneka ngati thirayango, mbali ina dx, ina dy. Eliya ya thirayango ameneyu ndi theka la dx kuchulukitsa dy. Tsopano mukachepetsa dx kakhumi, dy nayenso achepa kakhumi, ndiye kamphero kachepa ka 100. Zidutswa zachuluka kakhumi kokha. Mukaphatikiza zonse, cholakwika chachepa kakhumi. Mukapitiriza chimatheratu.

Manambala a koni yemweyu akusonyeza zomwezo. Voliyumu yeniyeni ndi 96π. Masilinda anayi akupereka 135π, masilinda 40 akupereka 99.63π, masilinda 400 akupereka 96.36π. Akulowera pamalo oyenera.

Pa eliya zinthu n'zosiyana. Chimene kachidutswa kalikonse kakutaya ndi 2πy kuchulukitsa kusiyana kwa utali wake weniweni wopendekeka, ds, ndi dx, ndipo kusiyana kumeneku pa koni wathu ndi dx/4. Mukachepetsa dx kakhumi, chotayika pa kachidutswa kamodzi chichepa kakhumi, koma zidutswa zachulukanso kakhumi. Mwabwerera pomwe munali. N'chifukwa chake 12π uja, kusiyana kwa 60π ndi 48π, sachoka.

Choncho chidutswa choyenera pa eliya si silinda, ndi koni wodulidwa nsonga, wooneka ngati ndowa yopanda pansi. Eliya ya khoma lake ndi π(r₁ + r₂) kuchulukitsa utali wa mbali yopendekeka. Kachidutswa kakapyapyala, r₁ ndi r₂ onse amakhala pafupifupi y, ndipo mbali yopendekeka timaipeza ndi lamulo la Pythagoras:

```
ds = √(dx² + dy²) = √(1 + (dy/dx)²) dx
S = ∫ 2π · r · ds
```

Ine ndimalimbikitsa kuti muzisunga mzere wachiwiriwu m'mutu, osati fomula yaitali ija. Apa r ndi mtunda wochokera pa mzere wokhota kufika pa mzere umene mukuzunguzapo, ndipo ds ndi kautali kakang'ono koyezedwa motsata kukhota.

Mlamba: Ndilowe nawo ndi funso limene lili pa pepala langa. Akuti y = √x kuchokera x = 0 kufika x = 2, kuzunguza pa mzere wa x, mayunitsi ndi masentimita. Ine ndapanga π∫y² dx, yomwe ndi π∫x dx, ndapeza 2π, pafupifupi 6.28. Kodi sikweya ruti wanuyo ndimuika pati pamenepa?

Chiphaliwali: Achimwene a Mlamba, mwapezayo ndi voliyumu, makyubiki sentimita 6.28, kuchuluka kwa madzi amene angalowe m'mbaleyo. Ife tikukamba za khungu la mbale, limene limayezedwa m'masikweya sentimita. Koma funso lanu ndi labwino pophunzirira eliya, ndiye tiyeni tiyende nalo.

Derivetivu ya √x ndi 1/(2√x). Tikaichulukitsa yokha tipeza 1/(4x). Ndiye ds ndi √(1 + 1/(4x)) dx, ndipo rediyasi ndi √x. Ambiri amakakamira apa chifukwa amafuna kuwerengera masikweya ruti awiri aliyense payekha. Alowetseni m'nyumba imodzi kaye:

```
√x · √(1 + 1/(4x)) = √(x + 1/4) = ½ √(4x + 1)
S = π ∫ √(4x + 1) dx,  x: 0 → 2
```

Tsopano ikani u = 4x + 1, du = 4 dx. Malire asinthe nawo: x = 0 akupereka u = 1, x = 2 akupereka u = 9.

```
S = (π/4) · (2/3) · [u^(3/2)] = (π/6)(27 − 1) = 13π/3
```

Ndiye pafupifupi masikweya sentimita 13.61. Pamene anthu amagwa kawirikawiri ndi pawiri. Amaiwala 1/4 wochokera ku du, yankho n'kukula kanayi. Kapena amasintha kupita ku u koma malire n'kuwasiya 0 ndi 2.

Nyenyezi: Koma pa x = 0 derivetivu 1/(2√x) kulibe, tikugawa ndi ziro. Si ndiye kuti chiyambi chathu chomwe n'cholakwika?

Chiphaliwali: Mwaona bwino. Pa x = 0 mzere wokhotawo waima chilili, ndiye dy/dx ikukula mopanda malire. Kunena mosamala, tiyenera kuyambira pa kanambala kakang'ono a, n'kukasendeza kufupi ndi ziro. Chimene chikutipulumutsa ndi chakuti pamalo omwewo rediyasi √x ikupita ku ziro, ndipo tikachulukitsa ziwirizi titsala ndi ½√(4x + 1), amene pa x = 0 ndi ½ chabe. Palibe chophulika.

Ngati simukufuna kudutsa pamenepo, tembenuzani. Lembani x = y², ndiye dx/dy = 2y, ndipo ds = √(1 + 4y²) dy. Malire ndi y = 0 kufika y = √2. Derivetivu iyi ilibe vuto paliponse.

Tsekwe: Ndipo mukasintha kupita ku dy, rediyasi nayonso isinthe ikhale x. Lamulo lake ndi lakuti 2πy amayenda ndi dx, 2πx amayenda ndi dy.

Chiphaliwali: Ayi a Tsekwe, pamenepo ndikana. Lamulo limenelo kulibe, ngakhale ambiri amaliloweza chifukwa zitsanzo zambiri zimaoneka choncho. Rediyasi imasankhidwa ndi mzere umene mukuzunguzapo. Kusankha dx kapena dy ndi nkhani ya mmene mukufunira kulemba ds basi, ndipo ds ndi yemweyo njira zonse ziwiri. Mbale ya a Mlamba tikuizunguzabe pa mzere wa x, choncho rediyasi ikadali y:

```
S = 2π ∫ y √(1 + 4y²) dy,  y: 0 → √2
  = (π/6) [(1 + 4y²)^(3/2)] = (π/6)(27 − 1) = 13π/3
```

Yankho lomwe lija. Mukanaika x m'malo mwa y mukanakhala mukuwerengera chinthu china, chimene chimatuluka mukazunguza mzere womwewo pa mzere wa y. Chimenecho chimaoneka ngati lipenga lotambasuka, osati mbale, ndipo intigiro yake, ya y²√(1 + 4y²), ndi yovutirapo kwambiri.

Tsekwe: Ndiye tinene kuti pali njira zinayi, osati ziwiri: rediyasi x kapena y, ndipo ds wolembedwa ndi dx kapena dy.

Kadzidzi: Inde, koma rediyasi simusankha inu, funso ndilo limakusankhirani. Ufulu wanu uli pa ds pokha, ndipo musankhe njira imene ikupereka intigiro yofewa. Komanso rediyasi si x kapena y nthawi zonse. Akakuuzani kuti zunguzani y = √x pa mzere wa y = 3, rediyasi ndi 3 − √x. Ndi mtunda, ndiye siingakhale nambala ya pansi pa ziro. Yesani y = x kuchokera −1 kufika 1 osasamala zimenezi: mbali ya kumanzere ifafaniza ya kumanja ndipo mupeza ziro, pamene pali makoni awiri ogundana nsonga, eliya yawo 2√2π. Mzere ukadutsa pamene mukuzunguzapo, dulani intigiro pomwepo, mbali iliyonse muiwerengere payokha.

Mlamba: Ndazindikira kuti ndinawerenga funso molakwika, zikomo. Koma kumbuyo kwa pepala yankho lalembedwa 19π/3, osati 13π/3. Walakwitsa ndani?

Chiphaliwali: Chotsani 13π/3 pa 19π/3, mutsala ndi 2π. Ameneyo ndi chivindikiro. Pa x = 2 mbaleyo ili ndi kamwa lozungulira la rediyasi √2, ndipo eliya yake ndi π × 2. Fomula yathu imangowerengera khungu limene mzere wokhota wasesa pozungulira. Siidziwa kanthu za chivindikiro, chifukwa chivindikirocho sichinapangidwe ndi mzerewo. Onaninso mawu a funso. Ngati akufuna pamwamba ponse pa chinthu cholimba chotsekeka, 19π/3 ndi wolondola. Ngati akufuna khungu lopangidwa ndi mzere wokhota, ndi 13π/3. Mbali ya x = 0 siifuna chivindikiro popeza rediyasi pamenepo ndi ziro. Ndipo musasokonezeke poona kuti 2π wa chivindikiro akufanana ndi 2π wa voliyumu amene munapeza poyamba. Manambala angofanana, mayunitsi ndi osiyana.

Mlamba: Funsolo likungoti "eliya ya pamwamba pa chinthu cholimba chimene chapangidwa". Silikutchula chivindikiro.

Chiphaliwali: Mawu akuti cholimba ndi amene ndingawatsatire, ndiye 19π/3.

Kadzidzi: Ine pamenepo sindikugwirizana nanu kwenikweni. Mafunso ambiri amalembedwa ndi mawu omwewo koma akufuna khungu lokhota lokha. Funsolo silinalembedwe momveka. Ndikanakhala a Mlamba ndikanalemba ziwiri zonse, mzere uliwonse ndi dzina lake: khungu lokhota 13π/3, chivindikiro 2π, zonse pamodzi 19π/3.

Nyenyezi: Pali njira yodziwira kuti yankho lalakwika popanda kuona kumbuyo kwa pepala? Chifukwa ndikanagwiritsa 2πy dx pa mbale ya a Mlamba ndikanapeza 11.85, ndipo nambala imeneyi siikuoneka yachilendo poyerekeza ndi 13.61.

Kadzidzi: Ilipo, ndipo imangofuna kakyuleta. Lowetsani mizere yowongoka m'malo mwa mzere wokhota, muwerengere makoni. Koma samalani, mzere umodzi sukwanira apa. Mukalumikiza (0, 0) ndi (2, √2) mupeza koni wa mbali yopendekeka √6, eliya yake π × √2 × √6, pafupifupi 10.88. Onse awiri, 11.85 ndi 13.61, ali pamwamba pa nambala imeneyi, ndiye simunagwire kanthu.

Onjezani mfundo imodzi pakati, tinene x = 0.5, pomwe y ndi 0.707. Chidutswa choyamba ndi koni wa rediyasi 0.707 ndi mbali yopendekeka 0.866, eliya 1.92. Chachiwiri ndi ndowa ya marediyasi 0.707 ndi 1.414, mbali yopendekeka 1.658, eliya 11.05. Pamodzi ndi pafupifupi 12.98. Mbale yathu ndi yotukukira kunja paliponse ndipo makoniwa ali mkati mwake, choncho eliya yeniyeni iyenera kupitirira 12.98. Apa 11.85 wagwa, 13.61 watsala. 

Kamba: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Chitsanzo chimene chimasonyeza bwino ntchito ya ds kwa ine ndi mpira. Tengani y = √(r² − x²). Derivetivu ndi −x/y, ndiye 1 + (dy/dx)² ndi (y² + x²)/y², yomwe ndi r²/y². Sikweya ruti wake ndi r/y. Mukachulukitsa ndi rediyasi y, ma y afafanizana:

```
2πy · ds = 2πy · (r/y) dx = 2πr dx
```

Kuchokera −r kufika r mupeza 4πr². Koma chokoma chili pa 2πr dx. Mulibe x mmenemo. Tanthauzo lake ndi lakuti mukadula mpira ndi mipeni iwiri yoyang'anizana, eliya ya lamba wapakati imangodalira mtunda wa pakati pa mipeniyo, osati malo amene mwadulapo. Pa mpira wa rediyasi 5, lamba wa pamimba kuchokera x = 0 kufika 2 ali ndi eliya 20π. Kachipewa ka kumapeto, kuchokera x = 3 kufika 5, nakonso 20π. Kumapeto kuzungulira n'kochepa, koma khungu lapendekeka kwambiri, ndipo ziwirizi zimabwezerana ndendende. Archimedes wa ku Syracuse, amene anamwalira mu 212 BC, anasonyeza kuti eliya ya mpira ndi kanayi eliya ya bwalo lake lalikulu, kalikyulasi asanabwere. Mukachotsa sikweya ruti mupeza π²r², pafupifupi 9.87r² m'malo mwa 12.57r².

Chenjezo limodzi: zunguzani theka la bwalo lokha. Mukazunguza bwalo lonse, theka la pansi lidutsa pamene ladutsa kale la pamwamba, ndipo muwerengera khungu lomwelo kawiri, 8πr².

Nyenyezi: Ndaona kuti nthawi zonse yankho la 2πy dx likutuluka lochepa: 48π pa 60π, 11.85 pa 13.61, 9.87 pa 12.57. Zimatero nthawi zonse?

Kadzidzi: Nthawi zonse, chifukwa √(1 + (dy/dx)²) sangatsike pansi pa 1. Amafanana ndi 1 pokhapokha mzere utagona chathyathyathya, ndipo pamenepo chinthucho ndi silinda weniweni. Ndiye fomula yanu ija musaitaye, ili ndi ntchito: imakupatsani malire a pansi. Izi zimathandiza chifukwa intigiro zambiri za eliya sizitheka ndi cholembera. Mafunso a m'kalasi amasankhidwa dala kuti sikweya ruti afewe, monga zinachitikira pa √x ndi pa mpira. Mizere ina yambiri imafuna kuwerengera moyandikiza, monga ndi lamulo la Simpson.

Pamene malire a pansiwa amagwira ntchito yaikulu ndi pa y = 1/x kuchokera x = 1 kupita kosatha, chinthu chonga lipenga chimene Evangelista Torricelli anachifufuza cha m'ma 1640. Voliyumu yake kufika pa x = b ndi π(1 − 1/b), ndiye siipitirira π. Eliya ili ndi √(1 + 1/x⁴), wovuta, koma sitikufunika kumuwerengera. Tikudziwa kuti eliya ndi yoposa intigiro ya 2π/x dx, yomwe ndi 2π ln b, ndipo ln b amakula osaima. Pa b = 1000 voliyumu ndi 3.138, pamene eliya yadutsa kale 43.

Mlamba: Pamenepo mutu wanga waima. Ngati penti wokwana π angadzaze lipengalo, ndiye kuti wakhudza khoma lonse la mkati. Si ndiye kuti walipaka lonse? Nanga eliya yosatha yapakidwa bwanji ndi penti wowerengeka?

Kamba: Zikudalira chimene mukutanthauza ponena kupaka. Ngati penti ayenera kukhala wochindikala mofanana paliponse, tinene 0.01, ndiye kunja kwa lipenga mufunika penti wosatha. Mkati simungathe n'komwe, chifukwa kupitirira x = 100 rediyasi ya lipenga yachepa kuposa 0.01, ndipo kuchindikala kumeneko kulibe malo. Penti wodzaza mkati amapyapyala limodzi ndi lipengalo, kuchindikala kwake ndi 1/x. Eliya ya lamba aliyense imachepa ngati 1/x, voliyumu yake imachepa ngati 1/x², ndipo kuphatikiza kwa 1/x² kumaima pamene kwa 1/x sikuima.

Mlamba: Masamuwo ndawatsatira, koma sindinakhutire. Penti amene angapyapyale mopanda malire ndiye kuti dontho limodzi lingapake chilichonse, ndipo mawu akuti kupaka sakutanthauzanso kanthu.

Tsekwe: Pamenepa ndili mbali ya a Mlamba. Koma ndibwerere ku mbale ija. Ndayesa njira ya makoni ndi zidutswa zitatu, ndaika mfundo pa x = 0.125 ndi x = 0.5. Chidutswa choyamba chapereka 0.42, chachiwiri 1.72, chachitatu 11.05 yemwe uja, pamodzi pafupifupi 13.19. Akukwera kulowera ku 13.61, koma pang'onopang'ono. Mfundo yachinayi ndiike pati, pafupi ndi ziro kapena pakati pa 0.5 ndi 2?

Chiphaliwali: Yerekezani chidutswa chilichonse ndi eliya yake yeniyeni, (π/6)(4x + 1)^(3/2) pa malire ake. Kuchokera 0.5 kufika 2 ndi (π/6)(27 − 5.196), pafupifupi 11.42, pamene ndowa yanu yapereka 11.05. Pa 0.43 amene akusowa, 0.37 ali m'chidutswa chachitatu chimenecho, chifukwa ndi chachitali ndipo rediyasi yake ndi yaikulu. Ikani mfundoyo cha pa x = 1.125.